Mainchi Atatu a Malume Alfonsi

Malume anga, a Alfonsi Soko, ankayenda akuyang'ana pansi ngati munthu wotaya singano. Sikuti anali amanyazi ayi. Anali mmisiri wa mabokosi a maliro, ndipo anthu a m'komboni ya Nabvutika, ku Chipata, ankati maso awo amayeza. Akakuyang'ana kuyambira kumutu kufika kuphazi, ndiye kuti wayezedwa, uzipita ukatsanzike abale. Azimayi ogulitsa makala ankabisa ana kuseri kwa chitenje iwo akamadutsa. Choncho malume anazolowera kupereka moni kwa nsapato za anthu, ndipo ankadziwa aliyense wa m'komboni ndi zimene wavala kuphazi.

Anabadwa mu 1956 kumudzi ku Chipangali, m'banja la Akatolika olima mtedza ndi thonje. Amayi anga a Magalita ndi mlongo wawo wamng'ono. Sukulu anailekezera giredi seveni, kenaka mmisiri wina wokalamba wa ku parishi anawatenga kuti azimugwirira matabwa. Kumeneko anaphunzira mabenchi, zitseko ndi mafelemu a mawindo, zonse m'mafiti ndi mainchi. Zaka zimenezo n'kuti boma likusintha miyezo kupita ku mamita, ndipo mkulu uja, ngakhale ankadana nazo, anawalowezetsa pamtima ngati katekisimu kuti fiti imodzi ndi mainchi 12, inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Pomwalira anawasiyira rula yamatabwa yopinda, yotalika mafiti atatu, ya mainchi okhaokha.

Ku Chipata anabwera kudzapanga mipando. Koma m'zaka za m'ma 1990, maliro atachuluka, munthu wofuna mpando ankabwera mmodzi pamwezi, ofuna bokosi atatu pa tsiku. Malume sanakane ntchito. Mmene imfa inkayamba kuchepako, dzina linali litawamatirira kale, ndipo panalibe amene ankafuna kudyera patebulo lopangidwa ndi manja amenewo. Akazi awo anamwalira osawasiyira mwana. Anatsala okha ndi shedi yawo yamalata, m'kanjira kotsikira kuchipatala chachikulu.

Atate anga, a Gideon Mvula, anali mphunzitsi, mwana wa mphunzitsi, a ku Tamanda. Kwawo ndi anthu a tayi ndi nyimbo za m'buku, osati Akatolika, ndipo sanakhululuke kwenikweni kuti atate anakwatira mwana wa mlimi wa korona m'khosi. Koma atate ndi mlamu wawo ankamvana ngati mbale ndi chivundikiro. Lamlungu masana ankasewera nsolo kuseri kwa nyumba yathu ya kusukulu mpaka dzuwa kupendeka. Pa tsiku loyamba la chaka chilichonse atate ankabwereka rula yopinda ija, n'kutiimika ana tonse pafelemu ya chitseko opanda nsapato, n'kulemba msinkhu wa aliyense kumapeto kwa buku lawo la nyimbo. Malume ankakhala panja nthawi imeneyo. Ankati rula angabwereketse, koma iwo sayeza munthu wopuma.

Ine ndine Rabecca, ndipo msinkhu ndinatengera kuchimalume. Pofika giredi naini ndinali nditawapitirira aphunzitsi onse aakazi, anzanga n'kunditcha Pholo la Magetsi. Pa mzere womaliza wa dzina langa m'buku lija, atate analemba kuti 1 Januwale 2016, 5 ft 10 in. Ndinali ndi zaka 19.

Chaka chomwecho atate anadwala, ndipo anamwalira m'mamawa wa Lachiwiri lina mu Julayi. Isanakwane 8 koloko, malume anafika ndi bokosi lamlombwa pangolo, lopala bwino, vanishi wake wouma gwa. Linawakwana atate ngati suti yosokedwa. Azakhali anga a Tawina, mlongo wa atate, analisisita ndi chala n'kunena pamaso pa anthu kuti vanishi sauma m'maola atatu. Sanafunike kuwonjezera. Pofika kumanda nkhani inali itamera miyendo, kuti mmisiri anamuyeza mlamu wake ndi maso ali moyo, ndipo ndani akudziwa china chimene anachita. Amayi anangolira. Ine, ndi mtima wanga wapachala, ndinawapeza malume ataima okha pansi pa mtengo wa mango n'kuwauza kuti asadzandiyang'anenso pamoyo wawo wonse. Anavomera ndi mutu. Anasunga mawu angawo zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ndikamalemba izi manyazi amandigwirabe.

Nyumba ya kusukulu anatitulutsa, amayi anabwerera ku Chipangali, ine ndinatsala m'tauni. Satifiketi ya giredi 12 ndinali nayo, koma ntchito imene ndinapeza inali yosankha mtedza pa depoti, kukhala pa saka tsiku lonse kuchotsa wowola. Ndinalembera malo ambiri mpaka ndinaloweza kununkha kwa makina a fotokope. Ndiye mu 2022 bungwe lina loteteza nyama kuchigwa cha Luangwa linalengeza kuti likufuna achinyamata oti liwaphunzitse ulonda wa m'nkhalango, akazi omwe. Zaka zosapitirira 25, ndipo ine ndinali ndi 25 ndendende, kutanthauza kuti chaka chotsatira chitseko chikanakhala chotseka. Msinkhu wa akazi, masentimita 160 kupita m'mwamba. Pansi pa chilengezocho analemba ndi zilembo zakuda kuti pa tsiku losankha aliyense adzayezedwa, ndipo amene nambala yake idzasiyane kwambiri ndi ya pafomu adzabwezedwa ngati wabodza. Fomu inali ya pa intaneti, yotseka Loweruka 5 koloko madzulo.

Ndinapita Loweruka lomwelo, chifukwa ndi tsiku limene anatipatsa mpata ku depoti. Ndinali ndi mnzanga Peggy, wosankha naye mtedza, kamtsikana kakafupi kolankhula ngati wailesi. Tinalowa mu shopu ya a Blessings pafupi ndi msika wa Kapata, momwe anthu amalembetsera mafomu pa kompyuta. A Blessings ndi bambo wabwino, wa magalasi ndi ndevu zometa mwaluso, koma tsiku limenelo anali ndi mzere wofika pakhonde ndipo ankagwira ntchito ngati chigayo.

Peggy anayamba. Anati msinkhu wake ndi 5 fiti 4, momwe anamuuzira nesi wina kalekale. A Blessings anatenga kakyuleta, analemba 5.4, anachulukitsa ndi 30.48, amene ndi masentimita a fiti imodzi, n'kupeza 164 ndi kanthu. Peggy anavina pampando. Ine ndinatsegula buku la nyimbo la atate n'kuwerenga 5 fiti 10. A Blessings analemba 5.10, anachulukitsa chimodzimodzi, n'kunditembenuzira kakyuleta kuti ndione ndekha. Inali 155.4.

Anandiuza mwachifundo kuti ndaperewera, fomu sindingaitumize. Ndinaimirira. Peggy anaimiriranso, mutu wake ukulekezera pachibwano panga. Ndinawafunsa a Blessings ngati magalasi awowo ndi okongoletsa nkhope chabe. Anthu pamzere anaseka, ndipo kusekako kunawaumitsa mutu. Anati makina sanama, mwina amene analemba m'bukumo ndi amene analakwitsa.

Pamenepo ndiye anandiponda pachilonda. Atate anaphunzitsa masamu zaka 27, ndipo sankalakwitsa ngakhale tsiku pa kalendala. Ndinanena mawu angapo amene sindingawalembe pano. Peggy anandikokera panja n'kundiuza kuti ndingolemba 170 basi, ndani adzaone. Ndinamukumbutsa zilembo zakuda zija. Kukiliniki kwathu Loweruka masana amaona odwala mwadzidzidzi okha, ndipo ine sindinali kudwala, kupatula ukali. Tinapita kwa telala wina mumsika, koma tepi yake inathera paphewa panga, ndipo poyeza chotsalacho ankatsetsereka nayo uku akuyankha kasitomala, n'kupeza nambala zitatu zosiyana. Nthawi inali itadutsa 2 koloko.

Ndi Peggy amene anatchula. Anati m'Chipata monse muli munthu mmodzi amene mafiti ndi chakudya chake, ndipo ndi mbale wanga. Ndinamuuza kuti atseke pakamwa. Tinayenda pang'ono, ine ndikuganiza za saka ya mtedza imene inkandidikira Lolemba, ndi Lolemba linalo, mpaka ukalamba. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinakhota kulowera njira ya kuchipatala, Peggy akunditsatira chapatali, akupemphera motsitsa mawu.

Tinawapeza malume akupala thabwa. Anali atakalamba kuposa mmene ndinkaganizira, tsitsi lonse mbuu, pensulo kukhutu. Kumbuyo kwawo mabokosi anayi anali atatsamira khoma, limodzi laling'ono kwambiri. Peggy anakanirira pakhomo. Malume anayang'ana nsapato zanga, anaika pansi chopalira, n'kunena kuti, "Rabe, mwana wa mlongo wanga. Kunyumba kuli bwino?"

Ankaganiza kuti ndabwera ndi uthenga wa maliro. Panalibe chifukwa china chimene munthu ankabwerera kwa iwo. Ndinawauza kuti amayi ali bwino, kenaka ndinafotokoza za fomu mothamanga, ngati ndikulankhula ndi munthu wa pa kauntala, osapepesa, osafunsa za moyo wawo. Ndinawapatsa buku la nyimbo. Analigwira nthawi yaitali asanalitsegule.

Atamva za 5.10 anaseka pang'ono m'mphuno. Anatola kachidutswa ka thabwa pansi, anachotsa pensulo kukhutu, n'kundiuza kuti ndiyandikire. Anati kadontho ka pa kakyuleta kamagawa chinthu pakhumi, pamene fiti imagawika pa 12. Ukalemba 5.10, makina amamva kuti mafiti asanu ndi gawo limodzi la magawo khumi, ziro wakumapetoyo sawerengedwa n'komwe, ndiye munthu wa 5 fiti 10 amasanduka wa 5 fiti 1 ndi kanyenyeswa. Makina sananame, anayankha zimene anafunsidwa. Njira yake, anatero, ndi kuyamba wasandutsa zonse mainchi. Analemba 5 kuchulukitsa ndi 12, kupeza 60, kuwonjezera 10, kukhala 70. Kenaka dzanja lawo, lokha, linalemba + 3 = 73.

Anaima. Anayang'ana chimene alemba, n'kufufuta msanga ndi chala chonyowetsa malovu.

"Pepa, mwanawe. Dzanja lazolowera. Mainchi atatu amenewa ndi a bokosi, kuti munthu agone momasuka. Pafomu usawonjezere kanthu."

Peggy pakhomo paja anachita chizindikiro cha mtanda, chonsecho ndi wa Pentekosite. Ine, mosayembekezera, ndinaseka. Kunali kuseka kwanga koyamba pamaso pa malume kuyambira tsiku la mtengo wa mango.

Anapitiriza. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54, ndipo iwo ankachulukitsa m'zidutswa momwe anawaphunzitsira mkulu wa ku parishi. Mainchi 70 kawiri, 140. Theka la 70, ndiye 35. Kenaka tinyenyeswa ta .04, timene pa 70 timapereka 2.8. Anaphatikiza n'kulemba 177.8, anaika mzere pansi, n'kunena kuti ngati fomu sifuna kadontho ndilembe 178. Atatero anatenga tepi yachitsulo imene ankagulira magalasi ndi mapulayi, ya mainchi m'mphepete imodzi ndi masentimita m'mphepete inayo, anaikoka mpaka pa 70, n'kundionetsa kuti moyang'anizana nayo pali 177 ndi timizere tisanu ndi titatu. Kenaka anamufunsa Peggy msinkhu wake, osamuyang'ana. Mainchi 64 anapereka 162.56. Anamuuza kuti walowa ndithu, koma kakyuleta inamukomera mtima ndi masentimita awiri amene si ake, akawabweze.

Ndikanatha kuthokoza n'kuthamanga. Koma mawu a Blessings anali akundidyabe, ndipo nambala ya m'buku inali ya zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Ndinavula nsapato n'kuwauza kuti andiyeze.

Anakana. Anati sanayezepo munthu wamoyo chiyambire ntchito ya mabokosi, ndipo mutu ukangondiwawa mawa, Nabvutika yonse idzadziwa chifukwa chake. Anati nditenge tepi, Peggy andiyeze panja. Peggy anati iye tepi imeneyo saikhudza ngakhale ndi mtengo. Ndinawauza malume kuti nthawi ikutha, ndipo ngati maso awo amapha, andiphe lero, chifukwa mtedza ukundipha kale pang'onopang'ono. Ndikuganiza kuti ndinkafuna kuwapepesa, koma pakamwa panga sipadziwa njira yachidule.

Anapukuta manja pa ovolosi. Anandiimika pa chitseko chatsopano chimene chinali chitatsamira khoma, atachiwongola kaye, zidendene kumbuyo, chibwano chowongoka. Anaika sikweya, kachitsulo kawo koyezera makona, pamutu panga, kukanikiza tsitsi langa loluka, n'kulemba kamzere. Ndiye anatulutsa rula yopinda ija, yomwe ija ya pa felemu ya chitseko chathu, yakuda ndi thukuta la zaka. Kuchokera pansi inakwana kamodzi, mainchi 36, ndipo kachiwiri inafika pa 34, kukhala 70. Anati mlamu wawo sanalakwitse ngakhale ndi tsitsi limodzi.

Pobweza rula m'chitini chake ndinaona kapepala kopinda, kachikasu. Zilembo zake ndinazidziwa ndisanawerenge, chifukwa zinali zomwezo za m'buku limene ndinali nalo m'manja. Ndinakatenga osapempha. Panalembedwa kuti G. Mvula, 5 ft 8 in, mlombwa, ndi tsiku la kumayambiriro kwa Julayi 2016, masabata awiri atate asanamwalire.

Malume anakhala pa benchi n'kufotokoza akuyang'ana utuchi. Atate anaitanitsa malumewo kuchipatala, madokotala atawauza zoona za matenda awo. Anali ataonapo mphunzitsi mnzawo akuikidwa m'bokosi logula mothamanga, lalifupi, mpaka anamupinda mawondo kuti chivundikiro chitseke, ndipo chinthucho sichinawachoke m'mutu. Anawapatsa kapepalako n'kunena kuti, "Mlamu, ine ndisakapindidwe mawondo. Koma Magalita asadziwe, angataye mtima ndisanapite." Malume analipanga bokosilo chitseko chotseka, akulira, ndipo vanishi anauma atate akadali moyo.

Ndinawafunsa chifukwa chake sananene pamaliro paja, anthu akuwadya ndi maso. Anati analonjeza, ndipo sankadziwa ngati lonjezo limatha munthu akamwalira. Kenaka anawonjezera kuti komanso palibe amene anawafunsa.

Ndinagwada pa utuchi pomwepo. Sindikukumbuka bwino zimene ndinanena, koma ndinalira kwambiri, mpaka Peggy analowa m'shedimo osazindikira, n'kukhala pa bokosi la munthu wamkulu ngati pa sofa. Malume anandigwira paphewa n'kundikumbutsa kuti 5 koloko sidikira olira.

Ndisanatuluke ndinachita chinthu chimene sindinachikonzekere. Ndinatenga rula m'manja mwawo n'kuwauza kuti avule nsapato, aime pa chitseko. Anadandaula kuti ndi zachibwana, koma anaima. Ndinaika sikweya, ndinalemba kamzere, ndinayeza, ndipo panatuluka mainchi 69. Zinandidabwitsa, chifukwa ndili mwana ankaoneka ngati mtengo wa bulugamu. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti mutu wawo unali wowerama monga mwa masiku onse, maso ali pa zala zanga zakuphazi.

"Malume, dzutsani mutu. Ndiyang'aneni."

Anazengereza, kenaka anawongoka pang'onopang'ono, khosi likulira ngati chitseko chakale, n'kundiyang'ana kumaso. Maso awo anali ofiira ndi fumbi la matabwa, ofanana ndi a amayi. Kamzere katsopano kanakwera ndi mainchi awiri. Anali a 5 fiti 11, kundiposa ine ndi inchi imodzi, ndipo anasangalala nazo ngati mwana. Analemba okha pa kachidutswa kaja, pansi pa masamu anga, A. Soko, 5 ft 11 in, n'kundipatsa kuti ndikawaonetse a kompyutawo.

Tinafika kwa a Blessings itangodutsa 4 koloko. Ndinaika kathabwa patebulo lawo. Anakayang'ana, anabwereza masamuwo pa kakyuleta, anavula magalasi n'kugwira pachipumi. Ndiwayamikire apa, sanatsutse. Analemba 178 pafomu yanga, anakonza ya Peggy kukhala 163, kenaka anayamba kuimbira foni anthu onse amene anawalembera sabata imeneyo, mmodzimmodzi. Panali mnyamata wina wa ku Chipangali wa 5 fiti 11 amene anali atamubweza m'mawa kuti ndi wamfupi. Anamupeza ali kale pa siteshoni ya basi, ndipo anabwerera akuthamanga.

Pa tsiku losankha anatiimika pa chitsulo choyezera, opanda nsapato. Mayi woyeza anawerenga 178, anayang'ana fomu, n'kuchonga. Peggy anagwa pa mpikisano wothamanga, ndipo lero ali ndi saluni yake ku Kapata komwe amauza aliyense kuti anakhalapo pa bokosi la maliro n'kukhalabe moyo. Ine ndinalowa. Ndimayenda m'nkhalango masiku khumi motsatizana ndi chikwama kumsana, kuchotsa misampha ya waya, ndipo msinkhu umene unkandichititsa manyazi umandithandiza kuona pamwamba pa udzu.

Kapepala ka atate ndinakapititsa kwa amayi, kenaka kwa azakhali a Tawina ku Tamanda. Amayi anakwera basi tsiku lotsatira kukaona mlongo wawo. Azakhali anawerenga kawiri, anati zilembo ndi za Gideon ndithu, n'kuyamba kukamba za mvula. Kupepesa si nyimbo imene ili m'buku lawo. Komabe pa Khirisimasi anatumiza nkhuku ku shedi, ndipo malume anaisunga osaidya mpaka inaikira mazira m'bokosi losagulidwa.

Ndikabwera pa tchuthi ndinkayamba kwa iwo. Ndinkawapeza akuyang'anabe nsapato za anthu ena, poti chizolowezi cha zaka makumi atatu sichichoka ndi tsiku limodzi, koma ine ankandiyang'ana kumaso, ndipo ankandiuza mosabisa ndikanenepa kapena kuonda. Anandipangira tebulo, loyamba kupanga m'zaka zambiri, ndipo ndimadyerapo tsiku lililonse ndikakhala kunyumba. Ndimawathokoza chifukwa cha ntchito yanga, inde, koma koposa chifukwa sanandibwezere mawu anga. Chibale ndi fupa, amatero, koma iwo ndi amene analisunga fupalo pamene ine ndinalitaya kudzala.

Chaka chatha chifuwa chinawakula, fumbi la zaka zonse zija. Anatseka shedi, anagulitsa mabokosi otsala, n'kupita kwa amayi ku Chipangali. Anthu ankawafunsa moseka ngati adzisungira lawo. Ankayankha kuti wometa sadzimeta. Anamwalira mu Febuluwale, mvula ili pakati, ine ndili kuchigwa. Amayi anandiimbira kuti ndidzere ku Chipata ndibwere ndi bokosi, poti kumudzi kunalibe matabwa ouma. Amuna a kumudzi anali atayeza thupi ndi chingwe monga amachitira, koma chingwe sichidutsa pa foni.

Ndinapita kwa mmisiri wina m'kanjira komwe kaja, bambo wa makina amagetsi amene ntchito yake yonse ndi ya masentimita. Anandifunsa msinkhu wa malemu. Ndinatulutsa kathabwa kaja m'chikwama, momwe kamakhala nthawi zonse, n'kuwerenga 5 fiti 11. Anatenga foni yake n'kuyamba kulemba 5, kadontho, 1, 1. Ndinamugwira dzanja.

Ndinabwereka pensulo yake n'kulemba pa thabwa limene linali pa benchi. Mafiti asanu, mainchi 60, kuwonjezera 11, kukhala 71. Kenaka ndinalemba + 3 = 74, ndipo ulendo uno panalibe chofufuta. Kawiri, 148. Theka, 37. Tinyenyeswa, 2.96. Zonse pamodzi 187.96. Ndinamuuza kuti m'kati mwake mukhale masentimita 188, mlombwa, ndipo ndidikira pomwepo mpaka amalize. Anandifunsa kuti masamu amenewa anandiphunzitsa ndani. Ndinamuuza kuti mwini bokosi.

Tinafika ku Chipangali madzulo, galimoto itatitimira kawiri m'matope. Amuna aja anabweretsa chingwe chawo n'kuchiyala m'bokosi, ndipo chinakwana, n'kutsala malo a zala zinayi. Powagoneka ndinapempha kulowa, ngakhale azimayi ena anang'ung'udza. Ndinaika rula yopinda pambali pawo, ndinaona kuti miyendo yawongoka bwino, kenaka ndinawakonza kapilo kuti chibwano chisagwere pachifuwa. Anapita atadzutsa mutu.